Lachitatu usiku ku Kawale: mavidiyo a ngozi pa foni ya mng'ono wanga

Ndikulemba izi nthawi itapitirira kale 11 koloko, chifukwa zimene ndinakambirana ndi mng'ono wanga madzulo ano zikukana kuchoka m'mutu mwanga. Anafika kuchokera ku koleji nkhope ili yakugwa, ndipo nsima isanafike n'komwe patebulo anandipatsa foni yake nati, "Achemwali, taonani zimene zikundibwerera pa Instagram. Ndadina Not interested katatu konse, koma zikungobwerabe." Anali mavidiyo a ngozi zapamsewu, ambiri mwa iwo a njinga zamoto za kabaza, anthu ataunjikana ndipo wina akujambula wovulala m'malo momunyamula. Mnzake wa m'kalasi anavulala pa kabaza mwezi watha, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake sunakhazikike.

Ndinamufunsa ngati amawaonera mavidiyowo mpaka kumapeto asanadine batanilo. Anakhala chete kanthawi, kenako anavomera kuti amaonera, nthawi zina kawiri, ndiponso kuti amatsegula ndemanga pofuna kudziwa malo amene ngoziyo yachitikira. Apa m'pamene panagona nkhani. Makina amene amasankha zoti munthu aonetsedwe sadziwa kuti iye akuonera ali ndi mantha. Amangowerengera kuti waima pa vidiyoyo nthawi yaitali, waibwereza, ndipo wawerenga ndemanga. Batani la Not interested limabisa chinthu chimodzi chimene wadinapocho ndi kuuza makinawo kuti achepetse zofanana nacho, koma ndi mawu amodzi okha pakati pa zizindikiro zambiri. Munthu amene wakana katatu ndi chala koma wavomera maulendo makumi atatu ndi maso asayembekezere kuti kukanako kumveka msanga.

Ndinakumbukira kafukufuku amene bungwe la Mozilla linatulutsa mu 2022, pogwiritsa ntchito anthu odzipereka opitirira 20,000, pa mabatani a YouTube. Linapeza kuti Not interested linkaletsa pafupifupi mavidiyo 11 okha pa 100 alionse osafunikawo, pamene Don't recommend channel, limene limakana mwini mavidiyo yense, linkaletsa pafupifupi 43. Manambalawo ndi a YouTube, si a Instagram, ndipo ndinamuuza choncho, koma mfundo yake ndimaivomereza: kukana vidiyo imodzi n'kofooka poyerekeza ndi kukana gwero lake.

Kenako tinalowa m'malo amene iye anali asanawatsegulepo. Pa tsamba lake tinadina timizere titatu tapamwamba, tinapita pa Content preferences, kenako pa Sensitive content. Pali zosankha zitatu, More, Standard ndi Less, ndipo yake inali pa Standard. Chida chimenechi chinayamba mu 2021 chikugwira pa Explore pokha, tsamba limene makina amakuonetserapo zinthu zatsopano, ndipo mu 2022 anachikulitsa kuti chifikenso pa mavidiyo afupiafupi a Reels, pofufuzira, ndi pa zinthu zimene amakuikira pakati pa za anthu amene umawatsatira. Panthawiyo osakwana zaka 18 sankaloledwa kusankha More. Kusiyana kwake ndi batani lija n'kwakuti ichi sichidikira kuti uone kaye chinthu choipacho. Chimachepetseratu gulu lonse la zinthu zimene siziphwanya malamulo mpaka kufufutidwa koma zingathe kukhumudwitsa, monga anthu akumenyana, zithunzi zodzutsa chilakolako, ndi zolimbikitsa fodya. Tinaika pa Less.

Ndikuvomereza kuti panthawiyo ndinadzimva ngati katswiri, ndipo mwina ndinalankhula mokweza kuposa mmene zimafunikira. Mlamu wake, amene ankamvetsera ali pakhonde, anaseka n'kunena kuti njira yachidule ndi kungofufuta pulogalamuyo. Yankho limenelo linandikwiyitsa, chifukwa mtsikanayu amagulitsa zovala za kaunjika kudzera pomwepo, ndipo ndalama zake za minibasi zimachokera m'menemo.

Chimene chinandigwetsa ulesi chinabwera titayamba kuwerenga. Ndinamuuza kuti tidutse zinthu makumi awiri motsatizana, osaima, n'kumayang'ana dzina la mwini wake pa chilichonse chokhudza ngozi. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati pambali pa dzinalo pali mawu akuti Follow, kapena pamwamba palembedwa kuti Suggested for you, ndiye kuti makina ndiwo akubweretsera, ngati palibe, ndiye kuti unasankha wekha kumutsatira munthuyo. Tinapeza zisanu. Zitatu zinali zobweretsedwa ndi makina, ndipo pa chilichonse tinadina timadontho titatu ndi Not interested nthawi yomweyo, vidiyo isanapite patali. Ziwiri zotsalazo, zimene zinali zoopsa kwambiri, zinachokera ku tsamba lina la nkhani za m'tauni limene iye amalitsatira kuyambira chaka chatha. Less sachita kanthu pa zimenezo, chifukwa chidacho chimagwira pa zochokera kwa anthu amene suwatsatira. Tikanangosintha n'kugona, mawa akanadzuka n'kunena kuti zonsezi ndi bodza.

Tinayesanso njira yachitatu, yolemba mawu oti zinthu zobweretsedwa ndi makina zimene zili ndi mawuwo zibisidwe. Analemba ngozi, accident ndi RIP. Anafuna kuwonjezera kabaza, koma ndinamuletsa, popeza zikanabisanso nthabwala za akabaza zimene amazikonda. Njirayi nayonso ili ndi malire ake, chifukwa imayang'ana mawu olembedwa pansi pa chithunzi, osati zimene zili m'chithunzimo. Imodzi mwa mavidiyo aja inangolembedwa kuti "Ambuye tichitireni chifundo," ndipo palibe munthu wanzeru amene angaletse mawu akuti chifundo. Anthu athu salemba imfa ndi dzina lake, amaizungulira, ndipo sefa yotereyi imagwira okhawo olankhula mosabisa.

Ndiye panatsala tsamba lija. Ndinati, "Iwe, ingolisiya kulitsatira." Anakana, ndipo chifukwa chake sindinathe kuchitsutsa: pa tsamba lomwelo m'pamene anamvera za ngozi ya mnzake uja, maola awiri uthenga usanafike pa gulu la kalasi, ndipo anathamangira kuchipatala chifukwa cha zimenezo. Ndinamuonetsa Mute, imene imabisa zolemba za tsambalo popanda kulisiya ndiponso popanda eni ake kudziwa, kotero kuti angathe kumalitsegula yekha akafuna. Anayang'ana batanilo nthawi yaitali, nati, "Achemwali, nanga tsiku limene adzaike munthu amene ndikumudziwa, ine ndili chibisire?" Sanadine.

Sindikudziwa chifukwa chake zimenezi zandikhudza chonchi. Mwina n'chifukwa chakuti inenso ndili ndi tsamba langa lotero, la mauthenga a maliro a kumudzi kwathu ku Dedza, limene ndimalitsegula m'mawa uliwonse mtima ukugunda. Palinso Reset suggested content, imene imafufuta zonse zimene makina aphunzira pa zokonda zako kuti ayambirenso, koma sindinamuuze za imeneyo, chifukwa zovala zonse ndi masitayilo amene amaonerapo malonda ake zikanapita limodzi, ndipo tsamba lija likanatsalabe pomwepo.

Tagwirizana kuti Lamlungu tidzawerengenso zinthu makumi awiri kuti tione ngati zitatu zija zachepa. Panopa nyali ya kuchipinda kwake yazima, koma ndikuona kuwala kwa foni pansi pa chitseko, ndipo mawu ake watsitsa kwambiri moti sindikutha kumva chimene akuonera.