Lachitatu: K1 miliyoni ku golosale, K5 biliyoni ku banki

Lero tinali ku Mitundu ku golosale ina, imagulitsanso zinthu mopikulitsa. Kawirikawiri mashopu ngati awa safuna odita ayi, koma madala ake akufuna ngongole yogulira lole ndiye abanki anati mabuku aunikidwe kaye.

Tisanagwire lisiti iliyonse tinakhala pansi kupeza matiriyaliti, malire oti cholakwika chikapitirira pamenepo owerenga maakaunti akhoza kusintha maganizo. ISA 320, lamulo lomwe odita timatsata pa nkhaniyi, silikakamiza nambala, limangopereka zitsanzo n'kunena kuti odita aganize yekha, maperesenti ambiri tinazolowerawa ndi a m'mabuku a makampani a odita. Ambiri timayamba ndi 5 peresenti ya phindu msonkho usanachotsedwe. Kwa madala izi sizinagwire, chaka chatha anapindula K25 miliyoni chaka chino K3 miliyoni yokha, ndiye 5 peresenti ikanakhala K150,000, tikanathera mwezi tikuwerenga mapaketi a machesi. Tinatenga zogulitsa chifukwa sizidumphadumpha, K200 miliyoni pachaka, theka la peresenti, K1 miliyoni.

Koma poyesa zinthu sitigwiritsa K1 miliyoniyo, timaitsitsa kuti tizolakwika tating'ono tomwe sitinatione tikaphatikizana tisadutse malire. Ena amatenga 75 peresenti, ine ndinatenga theka, K500,000, poti kabati ya ndalama amatsegula ndi madala, amayi komanso mphwawo, ndipo thumba la mpunga likapita kunyumba palibe amalemba. Chilichonse chosafika K50,000 tinagwirizana kuti sitichilemba n'komwe.

Masana tinapeza ziwiri. Mu sitoko muli shuga yemwe anavumbwidwa denga litadontha, wauma gwa koma akumuwerengerabe pa mtengo wogulira, K400,000. Mu kope la ngongole muli anthu oti ena anamwalira ena anapita ku Joni kalekale, K750,000. Madala anati, "Aaa mwana wanga, chilichonse apa sichikufika miliyoni yanuyo, zisiyeni." Ndinawauza kuti bambo, timaphatikiza, ikukwana K1,150,000 ndipo zonse zikukokera mbali imodzi, kukweza phindu. Zikakonzedwa phindu likutsika kuchoka pa K3 miliyoni kufika K1,850,000, ndipo wa ngongole ku banki akayang'ana pomwepo. Anang'ung'udza koma avomera kukonza, akanakana lipoti lathu likanatuluka ndi chidandaulo.

Pobwerera mtsikana yemwe tikumuphunzitsa ntchito anandifunsa kuti nanga ku banki K1,150,000 imeneyi ikanatani. Ndinaseka. Tiyerekeze banki yopindula K100 biliyoni, 5 peresenti ndi K5 biliyoni, ndipo zosayenera n'kulemba komwe zimathera pa K250 miliyoni. Ndiye kuti zonse zomwe madala agulitsa chaka chathunthu sizingalowe ngakhale pa ndandanda wa zolakwika. Iye akuti ndiye mabanki mumawanyengerera bwanji. Ayi ndithu, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka.

Maakaunti a golosale awerenga anthu angati? Madala, wa ngongole, mwina a MRA. A banki amawerenga osunga ndalama, ogula masheya pa msika wa masheya ku Blantyre, ndi Banki Yaikulu yomwe ikhoza kulanda laisensi. Nchifukwa chake ku banki timasankha poyambira pothina. Katundu wa banki, makamaka ngongole zomwe yabwereketsa, amaposa phindu kutalitali, ukati utenge 1 peresenti ya katundu wa K2 thililiyoni upeza K20 biliyoni, gawo limodzi mwa magawo asanu a phindu, palibe patinala wanzeru, mkulu wa kampani ya odita, angasaine zimenezo.

Komanso nambala ija siimaliza nkhani. Banki Yaikulu imafuna mpamba weniweni wa banki usatsike pansi pa 10 peresenti ya katundu atamuyeza malinga ndi chiopsezo chake. Banki ikakhala pa 10.05, cholakwika cha K1 biliyoni pa ndalama zoikidwa padera za ngongole zokaikitsa, zija za lamulo la maakaunti la IFRS 9, chikhoza kuigwetsera pansi pa mzere. K1 biliyoni ili kutali ndi K5 biliyoni koma sungaisiye ayi. Chimodzimodzi ngongole yomwe dairekitala wadzibwereketsa osaiulula, ngakhale ikhale K20 miliyoni timaikweza m'mwamba, chifukwa owerenga akufuna adziwe amene akudya ndalama zawo. Kwa madala kutenga ndalama mu kabati si mlandu, ndi zawo, timangoti zilembedwe kuti anatenga.

Chomwe chimandinyansa ine ndi anzathu ena omwe amaona kaye zolakwika kenako n'kukweza malire kuti zikwanemo. Malire amasintha inde, koma pokhapokha manambala enieni asiyana ndi omwe tinayambira kapena tadziwa zina zatsopano, ndipo chifukwa chake chilembedwe mu failo.

Mawa tibwererako kukawerenga feteleza ku nyumba yosungiramo katundu, makiyi akuti ali ndi mphwawo yemwe wapita ku maliro ku Dedza, kaya abwera.