Mota ikulira koma madzi osatuluka, vuto ndinalipeza chonchi

Ine ndimagwira ya m'gadeni pa puloti ina cha ku Randburg kuno ku Joni, timathirira ndi madzi amvula a mu thanki yapansi, pampu ili pamwamba, madzi ali mamita ngati 3 pansi pake. Ndiye mwezi wathawu inayamba zoti magetsi akathima, pobwera mota ikulira bwinobwino koma geji yoyezera mphamvu ya madzi ili pa 0, paipi kumangokhosomola basi.

Abale, mapampu a impelawa sapopa mpweya. Impela, kagudumu kozungulira mkati mwa pampu, imamwaza madzi m'mbali, pakati pake mphamvu imatsika, ndiye mpweya wakunja ndi umene umakankha madzi kuti akwere mu paipi. Mkatimo mukalowa mpweya, ndi wopepuka kwambiri, impela imangozungulira chabe. Komanso Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake umakankha mofooka. M'mbali mwa nyanja yamchere malire okokera madzi ndi mamita 10, kuno ndi 8 ndi pang'ono, nde kabowo kakang'ono kamavuta msanga.

Choyamba ndinazimitsa. Musaisiye ikulira yopanda madzi chonde, siilo ya pa shafiti, yoletsa madzi kutulukira pa chitsulo chozungulitsa impela, imazizira ndi madzi omwewo ndipo imapsa mu mphindi zochepa.

Ndinatseka valavu yotulukira, kumasula kapulagi ka pamwamba pa pampu, kuthira madzi ndi botolo la malita 2 mpaka kusefukira, kenako ndinangokhala pansi kuyang'ana pakabowopo. Pasanathe mphindi 10 madzi atsika, osaonekanso. Paipi yowuma kunja, palibe podontha, basi ndinadziwa kuti akubwerera mu thanki, futivalavu, valavu ya kunsi kwa paipi yoletsa madzi kubwerera, siikutseka. Nditazula paipi ndinapeza kamwala kangati njere ya mapira katakhala pa labala penipeni, labalayo itadyeka mbali imodzi. Ndinaika valavu ina, ndipo ndinaikweza masentimita 30 kuchoka pansi chifukwa inkagona m'matope.

Ndimayesa zatha. Madzi anabwera, koma geji kumanjenjemera, sipulinkala kumalavula, patapita kanthawi zii.

Apa ndi pamene ambiri timasochera, timasaka podontha madzi, pomwe mbali yokokera, pampu ikamayenda, siidontha, imayamwa mpweya. Ndinadzazanso madzi mu pampu, kuyatsa, nkumapaka thovu lometera ndevu pa jointi iliyonse. Pa yuniyoni, cholumikizira mapaipi cha pafupi ndi pampu, thovu linabowoka kadzenje ndikuona, likumwedwa. Kumasula, kalabala kozungulira kaja kanali kataphwanyika ngati chingwe chakale. Ndinasintha, pa mazinga ndinakulunga tepi yoyera ija mwatsopano, kumanga ndi manja kenako sipanala pang'ono, pulasitiki ukaikakamiza imang'aluka.

Ndinawongolanso paipi pamene inapanga linunda, imayenera kukwera yokhayokha mpaka pa pampu, apo ayi mpweya umabisala pamwambapo.

Pothira komaliza ndinathira pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya kutuluka, kutseka pulagi, kuyatsa nkumatsegula valavu mwapang'ono, geji inakwera kukaima pa 3. Ndinaisiya usiku onse yozima, mamawa nditamasula pulagi madzi anali pakamwa pomwe.