Mmene tidakonzera kava ya nyimbo ya Beatles

Kukonza kava, kutanthauza kuimba nyimbo ya wina mwanjira yako, ine ndimayamba ndi kumvera orijino mpaka nditaiwala kuti ndimaikonda, ndikumvera ngati munthu wofuna kuiphwasula basi. Bandi yathu itagwirizana zoimba With a Little Help from My Friends ndidachita zomwezo, ndidayamba ndi ya Beatles ya 1967 ija ya pa chimbale cha Sgt. Pepper, osati ya Joe Cocker ya 1968, ngakhale anzanga ambiri ankaidziwa ya Cocker yokhayo.

Ukaimvera bwino ya Beatles umaona kuti idalembedwa poyezera mau a Ringo Starr, wa dramu wa Beatles amene adaiimba. Manoti ake ndi oyandikana, sakwera patali mpaka kumapeto kwenikweni, kiyi ndi E, biti ndi ya 4/4 yongodumphadumpha ndipo siikwana ndi mphindi zitatu zomwe. Chimene chikuyendetsa nyimboyo ndi besi ya Paul McCartney komanso kuyankhana kuja, John Lennon ndi Paul akufunsa Ringo akuyankha. Ndiye ndidalemba papepala zinthu zimene ukazichotsa nyimbo yafa, ndidapeza ziwiri zokha, kufunsa ndi kuyankha kuja, ndi makodi a kolasi D, A, E. Zina zonse ndi zovala, ungathe kuvula.

Kenako mpamene ndidaika ya Cocker, ndipo apa mpamene pali sukulu yeniyeni. Munthu uja adasunga zinthu ziwiri zomwezo nkugwetsa china chilichonse. Kiyi adaipititsa ku A, biti adaichotsa pa 4/4 nkuiika pa 6/8 yochedwa, yoti umawerenga wani thu firii, wani thu firii, kutsogolo kukuyamba ogani ngati mwalowa mtchalitchi, gitala ya Jimmy Page ikulira pamwamba, nyimbo nkutalika kufika cha m'mphindi zisanu. Mafunso aja adawapatsa azimayi oimba kumbuyo, iye akuyankha mosasa mau ngati munthu amene anzakewo akamusiya sadzuka mawa. Mau a nyimboyo ndi pafupifupi omwewo koma Ringo akukuuza kuti ndili bwino ndili ndi anzanga, pomwe Cocker akupempha chithandizo. Nchifukwa chake idafika pa nambala wani ku Britain ndipo imene adaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock mu 1969 anthu akuionerabe mpaka pano.

Tsopano vuto lathu lidali loti pali misampha iwiri, kukopera Beatles kapena kukopera Cocker, ndipo wachiwiriwu ndiye woopsa. Woimba wathu mau ake ndi osalala, ofewa, akayesa kukhadzula pakhosi ngati Cocker mumangomva munthu akuchita sewero, ndipo kava zambiri zimafera pamenepo, womvera amayamba kuyerekeza mzere ndi mzere ndipo orijino imapambana nthawi zonse chifukwa ndi imene ili kale m'mutu mwake.

Ndiye pa rihesalo tidazimitsa zonse, kutsala gitala yamatabwa ndi mau. Tidayamba kusaka kiyi, osati pomvera vesi koma pomvera noti yapamwamba ya kumapeto, tikumasuntha kapo mpaka pamene ankaifika molimbana nayo pang'ono koma osasweka. Idakhala G, ndiye kuti kolasi ikuyenda F, C, G. Ukasankha kiyi yophweka kwambiri nyimbo imagona, ukakweza kwambiri munthu amangoganiza za pakhosi osati za mau akuimbawo. Biti tidaisiya pa 4/4 koma yochedwerapo, wa dramu akumenya ndi mabulashi, ndipo mafunso aja tidagwirizana kuti azifunsa munthu mmodzi yekha chapansipansi, ngati anthu awiri akucheza usiku, osati kwaya.

Anzangawo ndidawauzanso za nyimbo ina yotchedwa Hurt, chifukwa imasonyeza kuti sikuti nthawi zonse uyenera kuwonjezera. Ya Nine Inch Nails ya 1994 ili ndi phokoso lokanda m'makutu, mnyamata akudziwononga yekha. Johnny Cash mu 2002, ali ndi zaka 70, adachotsa phokoso lonselo nkutsala ndi gitala, piyano ndi mau onjenjemera, ndipo idasanduka nyimbo ya nkhalamba yoyang'ana m'mbuyo. Zidagwira chifukwa msinkhu wake unkagwirizana ndi zimene ankanena.

Chomaliza tidajambula pafoni nkumvera mawa lake makutu atapuma. Pamenepa ndimayang'ana ngati kolasi ikuzindikirika ikangolowa, chifukwa ukasintha mpaka munthu osaidziwa ndiye kuti walemba nyimbo ina. Ndimamveranso malo amene woimba akutsanzira kapumidwe ka mwini wake osadziwa. Tidapeza pawiri pa buliji pamene ankakuwa ndendende ngati Cocker, tidachotsa, iye nkuimba mzerewo motsitsa, ndipo besi tidaiuza idikire mpaka vesi yachiwiri isanalowe.