Zimene ndaphunzira poyeza matenda a kuchuluka kwa kotizolo

Sabata ino ndinalakwa funso limodzi la matenda a Cushing, amene amabwera kotizolo, homoni yopangidwa ndi tiziwalo ta pamwamba pa impso, ikachuluka m'thupi kwa nthawi yaitali, ndipo kulakwako n'kumene kwandithandiza kumvetsa kayezedwe kake.

Funsolo linali la mayi wa zaka 38 amene anayamba kunenepa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zitakwera. Pomuyeza, anamwa dekisametazoni wa 1 mg, mankhwala ofanana ndi kotizolo, nthawi ya 11 koloko usiku, ndipo magazi amene anatengedwa 8 koloko m'mawa anasonyeza kotizolo ya 140 nmol/L. Ine ndinathamangira kulemba kuti mayiyo akudwala matendawa, popeza mwa munthu wabwinobwino kotizolo imayenera kutsika mpaka pansi pa 50 nmol/L. Chifukwa chake n'chakuti dekisametazoni amanyenga kachiwalo ka pituwitare, kamene kali pansi pa ubongo, kuti kaleke kutulutsa ACTH, homoni yolamula kuti kotizolo ipangidwe, ndiyeno tiziwalo ta pamwamba pa impso timapuma osapanga kotizolo. Chotupa chochulukitsa kotizolo chikakhalapo, thupi silimvera chinyengocho.

Chimene sindinachione chinali m'munsi mwa funsolo, pamene panalembedwa kuti mayiyo anali m'mwezi wachitatu wa mankhwala a chifuwa chachikulu. Rifampisini, amene ali m'gulu la mankhwalawa, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya dekisametazoni, kotero kuti mankhwalawo amatha m'magazi asanagwire ntchito, ndipo kotizolo ya m'mawa imaoneka yokwera ngakhale munthu alibe chotupa. Fenitoyini ndi kabamazepini, amene amaperekedwa kwa odwala khunyu, amachita chimodzimodzi. Mapiritsi olera okhala ndi esitirojeni amasokonezanso, koma mwa njira ina, chifukwa amachulukitsa puloteni yonyamula kotizolo m'magazi. Kuno kwathu, kumene odwala chifuwa chachikulu ndi ambiri, ndikuona kuti msampha wa rifampisini suyenera kuiwalika.

Yankho loyenera linali kuyeza kotizolo m'malovu a pakati pa usiku. Kotizolo imakwera m'bandakucha n'kutsika kwambiri munthu akamakagona, ndipo kutsika kumeneku n'kumene kumasowa msanga mwa odwala matendawa. Wodwala amatafuna kathonje pakati pa 11 ndi 12 koloko usiku, amakaika m'kabotolo, ndipo amabwereza usiku wina, chifukwa zotsatira za tsiku limodzi sizikwanira. Rifampisini sasokoneza njirayi monga amachitira ndi dekisametazoni, koma nayonso ili ndi malire ake: mlonda kapena namwino wogwira ntchito usiku imamunamizira, monganso munthu amene wasuta fodya, amene nkhama zake zikutuluka magazi, kapena amene wagwira kathonjeko ndi zala zopaka mafuta a hayidirokotizoni.

Mphunzitsi wathu anandifunsanso ngati ndinaganizapo zofufuza mafuta amene mayiyo amadzola. Nthawi zambiri matendawa amayamba ndi masiteroyidi ochokera kunja kwa thupi, monga puredinisoloni kapena mafuta ena oyeretsa khungu, ndipo zikatero kotizolo ya thupi lenilenilo imapezeka yotsika ngakhale nkhope yafufuma. Funso limenelo sindinalilembe n'komwe pa pepala langa.