Za dzuwa la paliwombo zija

Amene mwayamba kunditchula kuti a Liwombo, imvani kaye mbali yanga.

Khadi la ukwati limene analemba alamu anga linali la masamba awiri. Oitanidwa munali "nyenyezi zowala za m'mitima yathu". Mkwatibwi anali duwa la m'chigwa, mame a m'bandakucha komanso njiwa, zonsezi m'chiganizo chimodzi chopanda popumira. Achimwene anga, munthu wogulitsa matayala akale, anasanduka mkungudza wa ku Mulanje. Mavesi analipo anayi. Wosindikiza atawerenga anafunsa mwaulemu kuti, "Bwana, womwalirayo ndi uti?"

Ndiye komiti inati ndilipepuze. Ine ndinati khadi liyankhe zimene mlendo amafunsa: akuitana ndani, akukwatirana ndani, tsiku liti, malo ati, ndipo tiimbire foni yani. Nyenyezi zonse ndinathimitsa, njiwa ndinaiulutsa, mkungudza ndinagwetsa. Vesi ndinasiya limodzi, Marko 10:9, popanda kulikopera lonse. Mayina a makolo, midzi, ma T/A ndi maboma sindinakhudze. Ndimawadziwa amalume, mukachotsa mudzi wawo sabwera. Kenako mawu awa basi: "akukuitanani ku ukwati wa ana awo. Ukwati udzadalitsidwa Loweruka, 9 koloko m'mawa. Madyerero adzatsatira ku holo." Ndinawerenga mokweza, mpweya sunandithere. Lero lomwe ndikunenabe kuti linali khadi lokongola.

Koma pakati pa maluwa aja panali mzere wakuti, "pamene dzuwa lidzapsompsona liwombo la dziko, tidzamwa chimwemwe m'chikho chimodzi." Inuyo mukanausiya? Si mzere umenewo unali nthawi ya madyerero! 12 koloko masana, chifukwa holo anali ataisungitsa ena kuyambira 4 koloko. Munthu kubisa nthawi m'ndakatulo ngati ndalama ya pa mpango.

Mukudziwa kuti ambiri sapita kutchalitchi, amangolunjika ku holo cha m'ma 2 koloko kapena kupitirira. Azakhali a ku Dedza anatulukira 4 koloko itayandikira, atavala chitenje cha yunifolomu, m'chikwama muli mpukutu wa ma K50 omwe anasinthitsa sabata yathunthu. Anapeza anyamata akusanja mipando. Anaima pakati pa holo, nayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere, nayang'ana ine. Kenako anauza mnyamata amene ankakulunga mawaya kuti, "Iwe, bwezera nyimbo." Anavina okha pelekanipelekani yense, akuponya K50 imodziimodzi pa simenti, wosesa ataima ndi tsache akudikira, ine ndikutola pambuyo pawo nditavala suti yobwereka. Nyimbo itatha anati ibwerezedwe, chifukwa mpukutu unali usanafike theka.

Anthu asanu ndi awiri a komiti anaona khadi lija lisanasindikizidwe, ndipo onse anangoti "lili bho". Alamu akuti ndinapha ndakatulo yawo, ndipo kope loyamba lija analiika m'felemu pabalaza. Ndamva kuti khadi la ubatizo akulemba okha, lafika kale tsamba lachitatu.