Lipoti la ulendo wa kwaya ku ukwati kuseri kwa Mtunthama: uthenga umene tinatumizira adalaivala

Loweruka pa 17 Ogasiti kwaya yathu inachoka pa Kasungu boma kukaimba pa ukwati wa mnzathu, m'mudzi wina umene uli kuseri kwa Mtunthama. Tinali anthu 14, ndipo tinachita hayala minibasi. Komiti inapempha kuti lipotili lifotokoze bwino za uthenga wa mawu umene mlembi wathu anatumizira adalaivala pa WhatsApp, kuti amene adzakonze ulendo wina adzakhale ndi poyambira.

Za mtengo tinali titagwirizana kale pamaso, ndipo theka la ndalama linali litaperekedwa. Koma mwezi wa Ogasiti anthu amakhala atagulitsa fodya ndi soya, maukwati amachuluka, ndipo dalaivala mmodzi amatha kufunidwa ndi magulu angapo Loweruka lomwelo. Choncho pangano la masabata awiri apitawo limafunika kulitsimikiza. Tinasankha uthenga wa mawu chifukwa dalaivala amakhala pa chiwongolero tsiku lonse, sangawerenge zolemba zazitali, komanso ukamuimbira ali pa siteji zambiri zimapita ndi phokoso. Uthenga wa mawu amaumvera akaima, ndipo angathe kuubwereza.

Tisanajambule tinayamba tawerengera nthawi chobwerera m'mbuyo. Abusa anati adalitsa ukwati 9 koloko, ndiye kwaya imayenera kukhala itafika 8 koloko kuti ivale ndi kuyesa mawu. Kuchoka pa boma kufika pa Mtunthama, mumsewu wopita ku Nkhotakota, tinaikapo mphindi 40. Msewu wafumbi wotsalawo ndi waufupi, koma uli ndi mchenga ndi mabampu, ndipo minibasi yodzaza siingathamange, choncho tinaikaponso mphindi 40. Kukweza anthu ndi katundu kumadya theka la ola. Tikaphatikiza, galimoto imayenera kufika 6 koloko, n'kunyamuka hafu pasiti sikisi.

Mlembi anajambula uthengawo Lachinayi madzulo, ali m'nyumba, wailesi atazimitsa. Mawu ake anali awa:

"Mwaswera bwanji adalaivala? Ndine mlembi wa kwaya ija munagwirizana nayo za ukwati wa ku Mtunthama. Ndikutsimikiza za Loweruka likubwerali, pa 17 Ogasiti. Galimoto ifike 6 koloko m'mawa pageti la tchalitchi chathu, geti loyang'ana kumsewu, pamene munatipeza tsiku lija tinkakambirana mtengo. Tikhala anthu 14, ndi ng'oma ziwiri, kiyibodi, sipika imodzi ndi thumba la ufa la makilogalamu 50. Tikadutsa Mtunthama tilowa msewu wafumbi, ndipo pamphambano padzakhala mnyamata wotilondolera. Mudzatidikira komweko, pobwerera tidzanyamuka 4 koloko madzulo. Mafuta muthiriretu Lachisanu. Ndalama yotsala tidzakupatsani tikabwerako. Chonde mundiyankhe, mutchulenso tsiku, nthawi ndi malo. Zikomo bambo."

Uthenga wonsewo sunakwane mphindi imodzi, ndipo tikuona kuti ndi pamlingo wabwino. Uthenga wa mphindi zitatu, woyamba ndi za matenda a kunyumba ndi mbiri ya akwati, dalaivala amaumvera theka n'kuusiya, pamene nthawi ndi malo zili kumapeto.

Muona kuti nthawi ya m'mawa imene yatchulidwa ndi imodzi yokha. Izi zinali dala. Ulendo wa ukwati uli ndi nthawi zitatu, yofika galimoto, yonyamuka ndi yoyamba mwambo, ndipo zonse zikalowa mu uthenga umodzi, munthu amasunga imene yamukomera. Akamva kuti ukwati uyamba 9 koloko amadziwerengera yekha kuti akhoza kuyamba wapanga kaulendo kamodzi ka m'mawa, n'kukutengani cha m'ma 7. Iye amawerengera liwiro la pa tala ndipo msewu wakumudziwo sakuudziwa. Dalaivala mumuuze nthawi yofika galimoto basi. Mawu oti "m'mawa" asasiyidwe, ndipo mawu ngati "m'mamawa" kapena "dzuwa likamatuluka" asalowe m'malo mwa nambala. Tsikunso litchulidwe ndi deti lake. Mukangoti "mawa", uthenga n'kuchedwa kufika chifukwa cha netiweki kapena bandulo yatha, iye akaumvera tsiku lotsatira mawa lake likhala lina.

Malo nawo amasokoneza kuposa mmene anthu amaganizira. "Kutchalitchi" pa ulendo wa ukwati kungatanthauze kumene mukunyamukira kapena kumene ukwati ukukadalitsidwa. "Pa filingi" kapena "pa depoti" sizithandiza, chifukwa pa boma malo othirira mafuta ndi angapo, ndipo pa depoti pamakhala minibasi zambiri zofanana. Malo abwino ndi amene dalaivala anafikapo kale ndi mapazi ake, n'chifukwa chake mlembi anamukumbutsa za tsiku la mtengo lija. Tinakananso zotengana khomo ndi khomo. Aliyense anayenda yekha kufika pageti, popeza kuima pakhomo lililonse kumadya mphindi zisanu kapena khumi, ndipo mukazindikira ola latha musanatuluke m'tauni.

Katundu tinamutchula kuti adalaivala adziwiretu ngati mpando wakumbuyo ufunika kupindidwa ndiponso kuti abwere ndi zingwe. Za msewu wafumbi ndi bwino kunena poyera. Ena amabisa poopa kuti mtengo ukwera, koma mapeto ake mumakangana pamphambano, dalaivala akukana kulowetsa galimoto yake mumchenga kapena akufuna ndalama yowonjezera anthu ali m'kati. Za mafuta tinanena chifukwa nthawi zina amasowa, ndipo kuima pamzere m'mawa wa ukwati, mutavala kale yunifolomu, kungakutayitseni mwambo wonse.

Kutumiza kokha sikokwanira. Pa WhatsApp kachizindikiro kamodzi kamasonyeza kuti uthenga wachoka koma sunafike pafoni ya mnzako, tiwiri timasonyeza kuti wafika, ndipo kamaikolofoni kakasanduka kabuluu ndiye kuti wautsegula n'kumvera. Komabe kumvera sikutanthauza kuti wagwira zonse. Yankho loyamba la adalaivala athu linali lakuti, "Chabwino mayi, palibe vuto." Mlembi sanakhutire nalo. Anawapempha mwaulemu kuti atchule okha zimene amva, ndipo pobwereza anati pobwerera ndi 4 koloko, koma iwo ankaganiza zotisiya kumudziko n'kubwerera ku boma kukanyamula anthu ena, kenako adzatitenge. Apa ndi pamene tinagwirizana bwinobwino kuti galimoto ikhala nafe tsiku lonse ndipo chakudya chawo cha masana chili pa ife. Chikhala kuti tinalandira "palibe vuto" uja, tikanadziwa zimenezi tili kale kumudzi, kumene netiweki imagwira ukaima pachulu.

Atatsimikiza, mlembi analemba mzere umodzi pansi pa uthengawo: tsiku, 6 koloko m'mawa, pageti, ndi nambala ya msungichuma ngati foni yake itazima. Lachisanu madzulo anawaimbira kufunsa ngati mafuta athiridwa.

Loweruka minibasi inafika nthawi isanakwane pang'ono, tinanyamuka monga tinapangira, ndipo mnyamata uja tinamupeza pamphambano ali pa njinga. Tinafika abusa asanafike. Pobwerera tinachedwa ndi theka la ola chifukwa perekaniperekani anatalika, ndipo adalaivala sanadandaule poti tinawauziratu masana. Komiti ikupempha kuti pa ulendo wotsatira mtengo wa ola lowonjezera udzagwirizanidwe pasadakhale, ndipo udzatchulidwe mu uthenga womwewo.