Mmene ndinayankhira wogula wakunja amene anapempha mitengo

Kalata ya wogulayo inafika pa imelo kumayambiriro kwa Malichi, ndipo inali yaifupi. Ankafuna maovololo 8,000 ogwirira ntchito m'mafakitale, olongedzedwa m'makatoni 400, ndipo anapempha zinthu zitatu: kuti mtengo ukhale wa CIF, kutanthauza wophatikiza ndalama za sitima ndi inshulansi kukafika padoko la kwawo, kuti mtengowo usasinthe kwa masiku 90, ndiponso kuti adzalipire katundu atafika. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene ndikanavomera monga anachilembera, komabe sindinkafuna kuti yankho langa limveke ngati kukana, chifukwa munthu amene wakulembera koyamba kuchokera kudziko lina sakudziwa nkhope yako, amakuweruza ndi kalata yokhayo.

Ndisanalembe chiganizo chilichonse, ndinayamba ndafunsa kampani yotumiza katundu mtengo wa kontena imodzi ya mafiti 20, pamodzi ndi tsiku limene mtengowo udzathe mphamvu. Anandiyankha kuti udzagwira ntchito pa katundu amene adzaperekedwe m'manja mwawo pasanadutse pa 31 Meyi. Tsiku limeneli ndi limene linandithandiza kupeza masiku ena onse a m'kalata yanga, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Ndime yoyamba inali yothokoza, ndipo ndinabwerezamo zimene iwo anapempha: mtundu wa nsalu, masayizi, chiwerengero ndi kalongedzedwe. Kubwerezaku kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma n'kumene kumaulula msanga ngati wina sanamvetse mnzake. Pamwamba ndinaika nambala ya kotesheni ndi tsiku, ndipo mwezi ndinaulemba m'mawu, chifukwa 03/04 ena amawerenga kuti ndi 3 Epulo pamene ena amawerenga kuti ndi 4 Malichi. Ndalama ndinazitchula ndi zilembo zake zitatu, USD, popeza mayiko angapo ndalama zawo amazitcha madola ndipo mphamvu zake n'zosiyana.

Mbali imene inanditengera nthawi yaitali ndi ya kaperekedwe ka katundu. Zilembo monga CIF zimachokera m'malamulo a Incoterms, amene bungwe la amalonda a mayiko osiyanasiyana la ICC, lomwe likulu lake lili ku Paris, linayamba kufalitsa mu 1936, ndipo m'kope la 2020 muli malamulo 11. Lamulo lililonse limayankha mafunso awiri osiyana, amene anthu ambiri amawasakaniza: ndani akulipira ulendo wa katundu, ndipo ndi pamalo ati pamene katunduyo akawonongeka chimakhala chitayiko cha wogula. Pa CIF wogulitsa amalipira sitima ndi inshulansi mpaka padoko la wogula, koma udindo wa kuwonongeka umasamukira kwa wogula katundu akangokwezedwa m'sitima padoko lonyamukira. Wogula amene akuganiza kuti CIF ikutanthauza kuti katundu ndi wa wogulitsa mpaka atafika kwawo amadzadabwa tsiku limene kontena yanyowa pakati pa nyanja.

Vuto langa ndi CIF linali lina. Katundu wa m'kontena sindimukweza ndekha m'sitima; ndimamupereka kwa onyamula pamalo awo osungira makontena, ndipo akhoza kukhala pamenepo masiku angapo sitima isanabwere. Masiku amenewo katundu sali m'manja mwanga, koma pa CIF akanakhalabe pamutu panga. Ndiye chifukwa chake ICC imalangiza kuti pa katundu wa m'makontena anthu azigwiritsa ntchito CIP m'malo mwa CIF, popeza CIP imasamutsa udindo pamene katundu waperekedwa kwa wonyamula woyamba. Ndinasankha CIP, ndipo ndinali ndi chinthu chabwino chowauza: m'kope la 2020, CIP imakakamiza wogulitsa kugula inshulansi yokulirapo, ya gawo (A), pamene CIF imangofuna yochepetsetsa, ya gawo (C). Ndinalemba motere: "Popeza katunduyu adzayenda m'kontena, tikupempha kuti tigwiritse ntchito CIP m'malo mwa CIF. Ndalama za ulendo tidzalipirabe ife mpaka padoko lanu, ndipo inshulansi imene tidzakugulireni idzakhala yoteteza zambiri, ya 110 peresenti ya mtengo wa katundu." Pambuyo pa zilembo za CIP ndinalemba dzina la doko lawo ndi mawu akuti Incoterms 2020, ndipo m'chiganizo chotsatira ndinatchulanso malo enieni amene ndidzaperekere katundu kwa onyamula, chifukwa lamuloli lili ndi malo awiri ndipo onse ayenera kudziwika. Ndinawonjezera kuti msonkho wolowetsera katundu m'dziko lawo ndi ntchito yomuombola ku kasitomu zidzakhala zawo.

Pa nthawi yoperekera katundu ndinasamala kwambiri, chifukwa ndinapsapo kale. Zaka zingapo zapitazo ndinalembera wogula wina kuti katundu adzaperekedwa m'milungu 6, ine ndikutanthauza kutuluka kwa katundu m'fakitale, iye akumva kufika kwake m'nyumba yake yosungiramo katundu. Tinakangana mwezi wathunthu, ndipo ngakhale malamulo anali kumbali yanga, cholakwa chenicheni chinali changa, popeza chiganizocho chinkatha kumveka pawiri. Ulendo uno ndinalemba kuti kusoka kudzatenga milungu 6 kuyambira tsiku limene dipoziti idzaoneke mu akaunti yathu, kuti kulongedza ndi kupereka kwa onyamula kudzatenga mlungu umodzi, ndiponso kuti masiku a ulendo wapanyanja amene ndatchula ndi ongoyerekezera malinga ndi zimene eni sitima anena, si lonjezo langa.

Tsopano pa masiku 90 amene anapempha. Ndinawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 31 Meyi paja. Kuchotsa mlungu wolongedza kunandifikitsa pa 24 Meyi, kuchotsa milungu 6 yosoka kunandifikitsa pa 12 Epulo, ndipo kuchotsa masiku 7 amene ndinkafuna kuwapatsa kuti atumize dipoziti kunandifikitsa pa 5 Epulo. Kalata yanga inali ya pa 3 Malichi, choncho masiku 30 ankathera pa 2 Epulo, n'kutsala masiku atatu okha opumira. Mpata umenewu ndi wochepa, ndipo kuwonjezera masiku 30 aja ngakhale ndi mlungu umodzi kukanatanthauza kuti ndikulonjeza mtengo wa ulendo umene ineyo sindinalonjezedwe ndi wina aliyense.

Chimene chimachititsa kuti nkhaniyi ikhale yolemera n'chakuti tsiku lotsekera limamanga wolemba. Pangano la United Nations la malonda a katundu pakati pa mayiko, limene linasainidwa ku Vienna mu 1980, limanena m'gawo 16 kuti wogulitsa sangabweze zimene wapereka ngati wasonyeza kuti n'zosabwezeka, kaya potchula nthawi yoikika yovomerera kapena mwa njira ina. Si mayiko onse amene analowa m'panganoli, koma ine ndimalemba kotesheni iliyonse ngati kuti wogula adzavomera pa tsiku lomaliza, mitengo ya nsalu ndi ya sitima itakwera kale, ine n'kukhala wopanda pothawira. Sindinalembe kuti "masiku 30" okha, chifukwa wina akhoza kuyamba kuwerenga pa tsiku limene watsegula imelo. Ndinalemba kuti: "Mitengoyi idzakhala yosasintha mpaka pa 2 Epulo, ndipo tikupempha kuti chivomerezo chanu cholembedwa chitipeze pofika tsikulo. Mukafuna nthawi yowonjezera, tidzakhala okondwa kuunikanso mtengo wa ulendo ndi kukutumizirani kotesheni yatsopano." Ndinawafotokozeranso chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, kuti onyamula katundu atipatsa malire. Munthu akauzidwa chifukwa samva ngati akukankhidwa kuti agule mofulumira.

Malipiro ndiwo anali ovuta kuwalemba mwaulemu, chifukwa kunena kuti sindingadikire katundu afike kuli ngati kunena kuti sindikuwakhulupirira. Komatu nawonso anali ndi mantha ofanana ndi anga, otumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo. Ndinagawa malipirowo pawiri, ndipo gawo lililonse ndinalimangirira ku chochitika chimene tonse tingachione. Gawo loyamba linali 30 peresenti, yolipiridwa pasanathe masiku 7 chivomerezo chitafika. Ndinasankha mlingo umenewu chifukwa unkakwanira kugula nsalu, kotero kuti iwo akanasintha maganizo sindikanatsala ndi ngongole. Gawo lachiwiri, 70 peresenti, linali loti lilipiridwe pasanathe masiku 7 nditawatumizira chithunzi cha B/L, chikalata chimene eni sitima amapereka katundu akakwezedwa m'sitima. Chithunzicho chimawatsimikizira kuti katundu wanyamukadi, pamene chikalata chenichenicho chimakhalabe kwa ine mpaka ndalama zitalowa, ndipo popanda icho sangatenge kontena padoko. Njira imeneyi ili ndi malire ake: imagwira ntchito pa B/L yokhayo imene imafunika kuonetsedwa potenga katundu, osati pa chikalata cha katundu wa pandege, chimene sichiletsa wolandira wotchulidwapo kutenga katundu wake. Sichitetezanso wogulitsa ngati wogula wangosiya kontena padoko osaifunanso, ndipo apa m'pamene dipoziti ija imathandiza kulipira zobweza katundu kapena zofunafuna wogula wina.

Kuti pasaoneke ngati ndatseka zitseko zonse, ndinawapatsa njira yachiwiri, ya kalata ya banki yotsimikiza malipiro, yotsata malamulo a UCP 600, imene banki yawo imalonjeza kulipira ikangoona zikalata zolondola. Ndinapempha kuti akasankha njirayi anditumizire kaye mawu ake ndiwaone banki isanaitulutse, chifukwa banki imayang'ana mapepala osati katundu, ndipo tsiku limodzi lolakwika likhoza kuimitsa malipiro. Ndinatchulanso kuti potumiza ndalama asankhe OUR, kutanthauza kuti zolipira mabanki zikhale zawo, popeza akasankha SHA, yogawana zolipirazo, ndalama zimafika zoperewera pang'ono ndipo invoyisi imakhala yosatsekeka. Chiganizo chomaliza pa malipiro chinali chakuti akaunti yathu ndi yokhayo yolembedwa pa invoyisi, ndipo akalandira uthenga wonena kuti yasintha atiimbire foni asanatumize kanthu, chifukwa akuba amalowerera makalata otere.

Nditamaliza ndinawerenganso kalatayo ndikufunsa funso limodzi pa tsiku lililonse lotchulidwamo: kodi kuwerenga kukuyambira pa chochitika chiti, ndipo ndani angachitsimikize? Ndinapeza malo amodzi pamene ndinangolemba kuti "mukavomera", ndipo ndinakonza kuti pakhale "chivomerezo chanu cholembedwa chikatipeza".

Anayankha patapita masiku 9. CIP anaivomera, tsiku lotsekera analivomera, koma anapempha kuti dipoziti ikhale 20 peresenti. Yankho losintha malipiro chotere silinali chivomerezo, linali pempho latsopano limene ine ndinali ndi ufulu wolivomera kapena kulikana, choncho sindinayambe kudula nsalu. Ndinawerengeranso mtengo wa nsalu, ndinaona kuti 25 peresenti ikhoza kukwanira ngati ndigula zipi ndi mabatani ndi ndalama zathu, ndipo ndinatumiza kotesheni yokonzedwanso, ya nambala yomweyo yokhala ndi chilembo B kumapeto, yonena momveka kuti ikulowa m'malo mwa yoyamba ija ndipo tsiku lotsekera likadali 2 Epulo. Anaisaina pa 20 Malichi, dipoziti inaoneka mu akaunti pa 26 Malichi, ndipo milungu 6 ija ndinayamba kuiwerenga tsiku lomwelo.